Kanema wa chikumbutso cha agogo: yambani ndi mawu a abale, zithunzi ndi nyimbo zibwere pambuyo

"Zikomo akulu. Agogo athu aakazi anatisiya chaka chatha, ndipo mu Ogasiti akubwerayu tidzavundukula chiliza chawo kumanda a HHI, kenako anthu adzasonkhana kunyumba ku Chilomoni. Banja landipatsa ntchito yokonza kanema wa chikumbutso. Ndasonkhanitsa zithunzi 80, abale 9 akufuna kulankhulamo, ndipo ndili ndi uthenga umodzi wa mawu umene agogo ananditumizira pa WhatsApp asanadwale. Anabadwira ku Chiradzulu mu 1941, anali a Mvano, ndipo ankagulitsa ufa ndi nyemba mumsika wa Ndirande. Ndili ndi foni ndi laputopu basi. Ndilembe bwanji kuti zithunzi, mawu ndi nyimbo zigwirizane popanda kutopetsa anthu?" Mdzukulu wa ku Chilomoni

Achemwali, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya agogo, ndipo Mulungu apitirize kutonthoza banja lonse. Langizo langa lalikulu ndi lakuti zithunzizo muyambe mwaziika pambali, ndipo musalembe chiganizo ngakhale chimodzi musanamve zimene abale anu anganene. Anthu ambiri amayamba ndi kundandalika zithunzi kuyambira pa ubwana mpaka pa ukalamba, amasankha nyimbo yachisoni, kenako n'kumafunafuna mpata wolowetsamo mawu a anthu. Zikatero, maso amaona china pamene makutu akumva china, ndipo anthu amene akhala pamkeka amayamba kunong'onezana mphindi zitatu zisanathe. Chimene chimagwira mitima pa mwambo wotere ndi nkhani zimene anthu akukumbukira, choncho nkhanizo ndizo ziyenera kulamula kuti chithunzi chiti chioneke nthawi yanji, ndiponso kuti nyimbo ilowe pati ndi kusiya pati.

Poyamba dziikireni malire a nthawi, ndipo ine ndikanasankha mphindi 7. Anthu adzakhala atachokera kumanda, atamva ulaliki ndi zolankhula za akuluakulu, ndipo amayi ena adzakhala akuganiza za miphika imene ili pamoto kuseri kwa nyumba. Mwa mphindi 7 zimenezi, pafupifupi mphindi 4 ndi theka zikhale za abale okumbukira, mphindi imodzi ikhale ya mawu anu olumikiza zigawo, ndipo zotsalazo zikhale za nyimbo, mawu a agogo eniakewo ndi kachetechete. Mukawerengetsera, muona kuti zithunzi 80 sizingakwanemo, chifukwa chilichonse chikakhala masekondi 6 okha, zonse pamodzi zitenga mphindi 8 nkhope ya wolankhula aliyense isanaoneke. Mudzagwiritsa ntchito zithunzi pafupifupi 30, ndipo zotsalazo mukhoza kuziika m'buku la zithunzi limene lidzayendayenda m'manja mwa anthu pa tsikulo.

Nkhani ya olankhula 9 ndi yovuta kuposa ya makina, ndipo musaigamule nokha. Pitani kwa amalume kapena kwa mwinimbumba, muwafotokozere kuti nthawi ikulola anthu anayi okha kulankhula motalikirapo, ndipo iwo ndiwo akauze abale amene asankhidwa. Posankha, musayang'ane ukulu wokha ayi, koma muyang'ane kuti aliyense anawadziwa agogo pa nyengo yosiyana ya moyo wawo. Pakhale mng'ono wawo kapena msuweni amene anakula nawo ku Chiradzulu, mwana wawo woyamba amene anaona masiku oyamba a m'tauni, mayi mmodzi wa Mvano kapena mnzawo wa mumsika, ndi mdzukulu mmodzi woimira nonsenu. Anthu asanu otsalawo musawataye: aliyense anene chiganizo chimodzi chachifupi chimene chidzamveke chakumapeto, motsatizana, masekondi asanu okha munthu mmodzi.

Mukakhala pansi ndi wolankhula, musamufunse kuti agogo anali munthu wotani, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale: anali achikondi, olimbikira ntchito, oopa Mulungu. Mawu amenewa ndi oona, koma anamveka kale m'mbiri ya malemu pa tsiku la maliro, ndipo angathe kunenedwa za agogo a munthu aliyense mu Blantyre muno. Funsani mafunso ofuna tsiku, malo ndi chinthu chogwirika. Kwa mwana woyamba munganene kuti, "Amayi, ndiuzeni za m'mawa umene munkapita nawo kumsika, munkadzuka nthawi yanji ndipo munkasenza chiyani?" Kwa mng'ono wa agogo mungafunse za njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri madera ozungulira Blantyre, chifukwa pa nthawiyo agogo anali ndi zaka 8 ndipo n'kutheka kuti ankaikamba. Kwa mayi wa Mvano mufunse za tsiku limene agogo anavala yunifolomu koyamba, kapena za maliro amene anachezera limodzi usiku wonse. Munthu akayamba kufotokoza, inu khalani chete, muzingogwedeza mutu, chifukwa "eya" ndi "zoona" zanu zikalowa m'mawu ake simudzatha kuzichotsa. Akatha kulankhula, dikirani masekondi angapo musanafunse china, pakuti nthawi zambiri chiganizo chokhudza mtima kwambiri chimatuluka munthu akaganiza kuti wamaliza.

Foni yanu ndi yokwanira kujambulira, bola mawu amveke bwino, chifukwa anthu amapirira chithunzi chosawala koma sapirira mawu osamveka. Ikani foni pa Airplane mode kuti munthu asakuimbireni pakati pa nkhani, ndipo muigoneke chopingasa pa chinthu chosagwedezeka, molingana ndi maso a wolankhula, zenera lili kutsogolo kwake osati kumbuyo. Ngati mungabwereke foni yachiwiri, muiike pafupi ndi pakamwa pake, mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri koma kunja kwa chithunzi, kuti izijambula mawu okha. Mukaomba m'manja kamodzi poyamba, phokosolo lidzakuthandizani kulunzanitsa mawu ndi chithunzi pa laputopu. Sankhani chipinda chokhala ndi makatani, mipando ya nsalu kapena matiresi, chifukwa chipinda chopanda katundu chimabweza mawu. Zimitsani firiji ndi wailesi, ndipo ngati chiperoni chayamba kuwaza pamalata, ndi bwino kudikira chileke. Pomaliza, jambulani masekondi 30 aliyense ali chete m'chipinda momwemo. Kaphokoso kakang'ono ka chipindako mudzakaika m'mipata imene mwadula mawu, kuti khutu lisamve ngati sipika yazima mwadzidzidzi.

Tsopano mverani zonse zimene mwajambula muli ndi cholembera, ndipo mulembe mawu ofunikawo monga mmene anatulukira, ndi nthawi imene ali m'fayiloyo. Musakonze Chichewa cha akuluakulu, ndipo ngati mng'ono wa agogo walowetsamo Chilomwe kapena Chiyao, chisiyeni momwemo. Kwa munthu aliyense musankhe nkhani imodzi yokha yokhala ndi chiyambi ndi mathero, yosapitirira mphindi imodzi ndi masekondi 10. Apa m'pamene mungayambe kulemba. Gawani pepala m'mizere itatu yotsika: kumanzere zimene maso akuona, pakati zimene munthu akunena, kumanja zimene nyimbo ikuchita, ndipo m'mphepete muzilemba nthawi. Mzere wapakati ndiwo mudzaze poyamba mpaka pansi, kenako wakumanzere, ndipo wa nyimbo ukhale womaliza.

Ndikuonetseni mmene ndikanayalira mphindi ziwiri zoyambirira, pogwiritsa ntchito zimene mwandiuza, ngakhale kuti mawu enieniwo adzachokera kwa abale anu. Pa 0:00 pasaoneke chilichonse, kukhale mdima, ndipo amayi a Mvano ayambe kuimba ndime yoyamba ya nyimbo imene agogo ankaikonda. Pa 0:05 chithunzi chawo chabwino koposa chituluke pang'onopang'ono, chija akuyang'ana kutsogolo, pansi pake pali dzina lawo ndi zaka ziwiri zokha, cha kubadwa ndi cha kumwalira. Chithunzicho chikhale masekondi 15 osasuntha, chifukwa anthu amafuna mpata wozindikira nkhopeyo ndi kupuma. Pa 0:20 amayi aja asiye kuimba mawu, kutsale kung'ung'udza kapena kiyibodi yokha yotsika kwambiri, ndipo inu mulankhule kuti: "Agogo athu anabadwira ku Chiradzulu m'chaka cha 1941. Ife zidzukulu tinawadziwa tsitsi litayera kale, koma alipo pakati pathu amene anatunga nawo madzi ali atsikana." Ziganizo ziwiri zimenezi zakwana, chifukwa ntchito yanu ndi kungotsegulira khomo wolankhula wotsatira.

Pa 0:33 mawu a mng'ono wawo ayambe kumveka chithunzi cha kumudzi chikadali pamaso, ndipo nkhope yake ioneke patapita masekondi awiri kapena atatu. Kutsogoza mawu motere kumachititsa kuti kusintha kusadzidzimutse anthu. Nkhope yake ikhale masekondi 10 kuti onse amudziwe, dzina ndi ubale wake zitalembedwa pansi, kenako zithunzi zibwerere iye akupitiriza kulankhula. Akatchula nyumba ya makolo awo, ioneke nyumbayo. Akatchula phiri la Chiradzulu, lioneke phirilo, ngakhale mutachita kukalijambula nokha sabata ino. Akafika pa mawu ovuta, monga pamene akukumbukira kugawana kachakudya kochepa m'chaka cha njala, nyimbo ithe kotheratu ndipo nkhope yake ibwerenso, chifukwa pamenepo palibe chithunzi choposa maso ake. Akamaliza, cha pa 1:40, musathamangire wolankhula wina. Siyani masekondi atatu a chete, nyimbo ikwere pang'onopang'ono, zithunzi zitatu za utsikana ndi ukwati zidutse popanda wolankhula, ndipo pa 2:00 mawu anu abwerenso kunena kuti banja linasamukira ku Blantyre. Zigawo zina zitatu zitsate kayendedwe komweka: inu mutsegule, wachibale afotokoze, pakhale chete, nyimbo ipumitse anthu.

Mawu anu onse olumikiza asapitirire pafupifupi 90, chifukwa Chichewa chowerengedwa modekha, monga mmene mwambo wotere umafunira, chimadya nthawi kuposa mmene chimaonekera papepala. Muwerenge mokweza muli ndi wotchi, ndipo chimene chapitirira nthawi muchidule m'malo mofulumiza lilime. Zaka zimene simukuzitsimikiza musazilembe pa kanema, pakuti chaka cholakwika chikaoneka pakhoma, azakhali adzachikonza mokweza anthu onse akumva. Pali zinthu zina zokuthandizani kuyerekeza nyengo. Wokamba akamatchula mashileni ndi makobiri a nthawi ya mapaundi, nkhaniyo ndi ya 1971 isanafike, chifukwa ndi chaka chimene kwacha ndi tambala zinayamba kugwira ntchito. Chithunzi cha agogo atavala chitenje cha mbumba chokhala ndi nkhope ya Kamuzu chiyenera kuti ndi cha ulamuliro wake, umene unatha mu 1994. Zithunzi zokhala ndi nsalu za chipani chilichonse mufunse kaye ana awo musanaziike, chifukwa m'banja limodzi anthu amasiyana maganizo pa ndale, ndipo tsikulo si lotsegulira mkangano umenewo. Chimodzimodzinso zithunzi za m'chipatala ndi za bokosi: ine sindikanaikamo ngakhale chimodzi.

Pa zithunzi zakale zapepala, njira yabwino ndi kuzipititsa pa sikana pa 600 dpi, makamaka zing'onozing'ono zija za m'situdiyo, kuti muzitha kuyandikitsa nkhope popanda kuoneka mabwalomabwalo. Ngati sikana palibe, zijambuleni ndi foni pakhonde pamthunzi, nyali ya foni itazimitsidwa, foniyo ili pamwamba penipeni molunjika kuti m'mbali musapendekeke. Chithunzi chimene chamatirira pagalasi la felemu musachimatule, chifukwa nkhope imatsalira pagalasipo. Chijambuleni chili momwemo, mutaimirira pamene galasi silikunyezimira. Abale a kunja kapena a ku Lilongwe muwauze kuti atumize zithunzi pa WhatsApp posankha Document, chifukwa njira ya masiku onse ija imazichepetsa, ndipo ngakhale zimaoneka bwino pafoni, zimasungunuka zikakulitsidwa pakhoma. Kanema wanu akhale wopingasa, 1920x1080, ndipo zithunzi zoimirira musazikoke m'mbali kuti zidzaze malo, chifukwa nkhope ya agogo imafufuma n'kusiya kufanana nawo. Kusiya mdima mbali zonse ziwiri kulibe vuto. Chithunzi cha munthu mmodzi chikhale masekondi 5 mpaka 7, cha gulu chikhale 8 mpaka 10 chifukwa aliyense amafuna kudzipeza ndi kupeza malemu. Posintha zithunzi gwiritsani ntchito njira imodzi yokha, ya kusungunukirana kwa sekondi imodzi, ndipo zotembenuza, zowuluka ndi timitima timene timapezeka m'mapulogalamu olumikizira makanema monga CapCut muzisiye.

Nyimbo ndi pamene makanema ambiri otere amaonongekera. Nyimbo yokhala ndi mawu isamveke munthu akulankhula, chifukwa khutu silingatsatire Chichewa cha anthu awiri nthawi imodzi, ndipo okalamba, amene makutu awo ayamba kale kulemera, ndiwo amayamba kutayika. Pansi pa wolankhula pakhale kiyibodi kapena gitala yokha, yoyenda pang'onopang'ono, yopanda ng'oma. Muitsitse pafupifupi 20 dB, muyeso wa kukwera kwa mawu, pansi pa mawu a munthu, ndipo kutsika ndi kukwera kwake kuzitenga masekondi awiri, osati kudumpha. Njira yodziwira ngati mwatsitsa mokwanira ndi kuitana munthu wamkulu amene sanamvepo nkhaniyo, amvere pa sipika ali chapatali, kenako abwereze zimene wamva. Akaphonya mawu, nyimboyo idakali pamwamba. M'mzere wanu wa nyimbo musamangolemba kuti "nyimbo yachisoni," koma muzilemba chochitika chenicheni, monga "ilowa pa 1:43, ikwera kwa masekondi awiri, itsika pa 1:58."

Nyimbo ziwiri zakwana pa kanema yense, ndipo ndikukulimbikitsani kwambiri kuti yaikuluyo muipemphe kwa amayi a Mvano amene ankapemphera ndi agogo. Pitani kudzera kwa amayi apampando, mupemphe amayi 6 kapena 8, muwajambule m'tchalitchi mopanda anthu foni ili masitepe atatu kuchokera pamene aimirira. Aimbe kawiri, koyamba ndi mawu, kachiwiri mong'ung'udza, kuti mukhale ndi zonse ziwiri pa liwiro limodzi. Mawu a anzawo a malemu amalemera kuposa nyimbo iliyonse ya m'situdiyo. Palinso chifukwa china: nyimbo za oimba odziwika zili ndi eni ake, nkhani zimene kuno kwathu zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, ndipo mukadzaika kanemayu pa Facebook kapena pa YouTube kuti abale a ku Joni aone, makina a kumeneko angathe kuizindikira nyimboyo n'kutseka mawu kapena kanema yense.

Uthenga wa mawu wa agogo ndi chinthu chamtengo wapatali koposa zonse zimene muli nazo, ndipo lero lomwe muusunge m'malo awiri kunja kwa foniyo, pa laputopu ndi pa imelo yanu. M'kanema muuike chakumapeto, abale onse atalankhula kale, kuphatikizapo asanu a chiganizo chimodzi aja. Mutengemo masekondi 15 kapena 20 okha, ndipo musafunefune mawu anzeru ayi: moni wawo, mmene ankatchulira dzina lanu, kufunsa ngati ana adya, n'zimene anthu akuzisowa. Nyimbo ithe masekondi atatu mawuwo asanayambe, pamaso pakhale chithunzi chimodzi chosasuntha, ndipo akamaliza mudikire masekondi asanu amayi a Mvano asanalowe ndi ndime yotsiriza. Koma ana a malemu muwachenjeze ndi kuwalola amve mawuwo masiku angapo mwambo usanafike, chifukwa kumva mwadzidzidzi mawu a mayi amene anamwalira, pamaso pa gulu, kungathe kugwetsa munthu. Ngati mmodzi wa iwo wakana, lemekezani maganizo ake ndipo mukonze makanema awiri, wa pagulu wopanda mawuwo ndi wa m'banja wokhala nawo.

Kutatsala sabata imodzi, onetsani kanema yense kwa amalume ndi ana a malemu kuti aone mayina, zaka ndi aliyense amene wasiyidwa mosadziwa, chifukwa nthambi ya banja imene sinaoneke m'chithunzi chilichonse idzadandaula kwa nthawi yaitali. Mukakonza, tulutsani fayilo ya MP4, muiike pa fulashi ndi pa foni ina. Kenako muyese pa zipangizo zenizeni za tsikulo, pamalo penipenipo ndi pa nthawi yomweyo ya tsiku. Masipika akuluakulu obwereka amakuza kwambiri mawu okhuthala a kiyibodi, moti nyimbo imene inali yofatsa pa laputopu ingathe kumiza olankhula, ndipo mukaona zimenezi muitsitsenso kapena mupemphe woyendetsa zokuzira mawu achepetse besi. Pulojekita sioneka bwino panja masana, ngakhale mu tenti, choncho ngati mwambo wa ku Chilomoni ndi wa masana, ndi bwino kubwereka wailesi yakanema yaikulu n'kuiika pakhonde pamthunzi, moyang'ana kumene kudzakhale akuluakulu. Muuze wotsogolera mwambo kuti kanemayu aonetsedwe chakudya chisanayambe kugawidwa, laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo ngati pali jenereta yodikirira magetsi akazima, iikidwe kutali kuseri kwa nyumba ndi chingwe chachitali kuti phokoso lake lisaphimbe mawu.